Ndithandizeni kukonza kapishoni ya givawe yanga ndisanapositi

Tadala: Moni nonse apagulu. Ndikufuna kupanga givawe ya chikwama chimodzi pa peji yanga ya Instagram, ndiyika Lolemba pa 10 Malichi. Kapishoni ndalemba kale koma mtima sukukhazikika chifukwa ndaonapo anthu akukangana mmakomenti pa zinthu ngati izi ndipo sindikufuna zindichitikire. Ndalemba chonchi:

"GIVAWE!!! Tikupereka chikwama chaulere kwa munthu mmodzi wamwayi. Laikani, sheyani, tagani anzanu komanso mutifolowe. Ikutha Lachisanu. Zabwino zonse!"

Ili bho kapena pali chosowa? Ndiuzeni mosabisa.

Chiko: Kwa ine ili bwino asisi, yaifupi, anthu sawerenga zitalizitali. Mwina mungowonjezera kuti ikutha 12 koloko usiku basi mwamaliza.

Yamikani: Chikwamacho chili bwanji? Ndataga kale anthu awiri mmaganizo, peji yanu ndi iti tilowe nawo

Tadala: Sindinapositi achimwene, ndikufunsa za kalembedwe kaye

Bambo Wisiki: A Tadala mwachita bwino kufunsa isanatuluke, chifukwa ikatuluka kukonza kumakhala kovuta. Ndiyambe ndi mawu oti "Ikutha Lachisanu" poti phokoso lambiri limachokera pamenepo. Inu mukudziwa Lachisanu limene mukunena chifukwa mukulemba Lolemba, koma positi siiwerengedwa tsiku limodzi. Wina adzaiona Lachinayi, wina mnzake amutumizira Loweruka, ndipo amene waiona Loweruka aganiza kuti ndi Lachisanu likubweralo, alowa ndi mtima wonse, ataga anthu, kenako aona kuti wopambana munalengeza kale. Ameneyo sadzanena kuti anawerenga mochedwa, adzanena kuti mwamupusitsa. Ndiye lembani dzina la tsiku, deti, mwezi m'mawu, ngakhale chaka chimene. Lachisanu pa 14 Malichi 2025. Chaka chimathandiza chifukwa mapositi a givawe amazungulirabe patatha miyezi, anthu amangotumizirana skirinishoti yopanda deti.

Ndipo musalembe 14/03 kapena zofanana nazo. Pa deti iyi palibe vuto lalikulu poti kulibe mwezi wa 14, koma chizolowezicho chidzakupwetekani tsiku lomwe mudzalembe 03/04, ena awerenga 3 Epulo ena 4 Malichi.

Chiko: Chabwino deti ndavomera. Koma 12 koloko usiku ija ndiye yomveka kwa aliyense

Bambo Wisiki: A Chiko mwalondola kuti ola likufunika, koma ola lake lisakhale limenelo. "Lachisanu 12 koloko usiku" ili ndi matanthauzo awiri. Ena amva usiku wa Lachinayi kulowa Lachisanu, chifukwa pa foni ikangokwana 00:00 deti imasintha n'kulemba Lachisanu. Ena amva usiku wa Lachisanu kulowa Loweruka. Pakati pa awiriwa pali maola 24 athunthu, ndipo onse awiri ali ndi mfundo, simungamuuze aliyense kuti walakwa. Ngati mukufunadi mapeto a tsiku lembani 23:59. Koma ine ndimalangiza ola limene inuyo mudzakhale muli maso foni ili m'manja, monga 8 koloko madzulo, 20:00, chifukwa dedilayini siingolembedwa, pamafunika munthu woitseka pa nthawi yake. Mukaika pakati pa usiku inu mwagona, makomenti azingolowabe mpaka m'mawa ndipo mukadzuka simudziwa amene analowa 23:50 ndi amene analowa 00:20.

Tadala: Koma si komenti iliyonse imaonetsa nthawi yake?

Bambo Wisiki: Pa apu ya Instagram imangoonetsa kuti papita nthawi yaitali bwanji, mumaona 5m, 3h, 1d, kenako 1w. Pamene komenti ili yatsopano mutha kuwerengetsa, koma ikangofika pa maola siikuuzaninso mphindi zake, ndipo likadutsa tsiku zonse za tsiku limenelo zimaoneka chimodzimodzi. Tiyerekeze mwatseka 20:00 koma mwabwera kudzaona 23:00. Komenti yolembedwa 3h ikhoza kukhala ya 19:40, bwino ndithu, koma yolembedwa 2h mukudziwa kuti yachedwa, nanga amene analemba 20:00 yeniyeni kapena mphindi imodzi isanakwane mumusiyanitsa bwanji? Mumayamba kungoganizira, ndipo pa givawe kuganizira n'kumene kumabala mawu oti mwakondera.

Anaphiri: Ine ndilankhulepo ngati munthu amene ndinalowapo mpikisano wa chonchi n'kutuluka wokhumudwa. Peji ina, sinditchula, analemba kuti "komentani kuti mulowe, ikutha Lamlungu". Ine ndinakomenta Lamlungu masana ndikudziwa kuti ndili mkati. Madzulo ndikuona alengeza wopambana, ndipo mu vidiyo yawo yosankhira mayina zikuoneka kuti mndandanda anautenga m'mawa, dzina langa munalibe, la mnzanga amene analowa nane nthawi imodzi munalibenso. Titafunsa anati iwo amatanthauza kuti Lamlungu ndi tsiku lolengeza, kulowa kunatha Loweruka. Mphatsoyo siinandipweteke, mwina sindikanawina n'komwe, chinandipweteka n'choti ndinataya nthawi yanga n'kuvutitsa anzanga powataga pa chinthu chotsekedwa kale. Ndinawaanifolowa tsiku lomwelo. Ndiye mwana wanga Tadala, mawu oti "ikutha" aja muwachotse, munene kuti kulowa kukutsekedwa liti, ndipo kulengeza kudzachitika liti, mizere iwiri yosiyana.

Tadala: Zikomo amayi, izi sindinaziganizire n'komwe. M'mutu mwanga ndimati Lachisanu lomwelo nditseka n'kulengeza

Bambo Wisiki: Zimene anena Anaphiri ndiye pagona nkhani. Givawe ili ndi nthawi zitatu osati imodzi. Yotseka, yolengeza, ndi yoti wopambana ayankhe. Yachitatuyi anthu ambiri amaiiwala, kenako wopambana sakuyankha inibokosi, mwina foni yawonongeka mwina uthenga wanu wagwera ku Requests poti sakuuona, inu mwadikira sabata, mwasankha wina, tsiku lotsatira woyamba uja watulukira akufuna chikwama chake. Ngati munalemba kuti wopambana ali ndi maola 48 ndipo akapanda kuyankha tisankha wina, mumangomuonetsa mzere umenewo. Ngati simunalembe, muli ndi opambana awiri chikwama chimodzi.

Kulengeza ndingakonde mukuike tsiku lotsatira, Loweruka pa 15, chifukwa mukufunika nthawi yofufuza ngati amene wasankhidwayo anachitadi zonse zomwe munanena. Kutseka 20:00 n'kulengeza 20:05 kumaoneka kokoma koma mudzathamanga n'kulengeza munthu amene sanakufoloweni, ndipo olowa ena amafufuza, adzakuuzani pa gulu.

Lusu: Funso langa lili pambali pang'ono. Pa nkhani ya ola, mafolowa anga ambiri ali kunja, ndiye 20:00 yake ya kuti?

Bambo Wisiki: Silili pambali a Lusu, lili pakatikati penipeni. Mulembe nthawi ya komwe muli ndipo muitchule, mwachitsanzo 20:00 CAT, yomwe ndi GMT+2. Pa 14 Malichi munthu amene ali ku London imeneyo ndi 18:00 kwa iye, amene ali ku Nairobi ndi 21:00. Simukufunika kulemba nthawi za mayiko onse, zilembo zitatuzo zikukwana, wofuna asintha yekha. Koma funso lalikulu kuposa ola n'lakuti anthu akunjawo akuloledwa kulowa? Chifukwa akawina chikwama mumutumizira bwanji ndipo alipira ndani? Ngati mphatso ndi ya okhala m'dziko lanu okha, zilembedwe pamwamba, munthu asataye nthawi.

Tadala: Ine nditumiza mkati mwa dziko mokha, kutumizako ndilipira ndine. Ndilemba. Tsopano malamulo olowera aja, laikani sheyani tagani folowani, pamenepo pali vuto?

Chiko: Pamenepo musachotsepo kanthu, kusheya ndi kumene kumabweretsa anthu atsopano. Givawe yopanda sheya phindu lake n'chiyani

Bambo Wisiki: Phindu la sheya sindikulikana, koma dzifunseni funso limodzi pa lamulo lililonse: Loweruka m'mawa ndikatsegula foni, nditha kutsimikiza kuti munthuyu anachita izi? Folo mutha kuona, mumangosaka dzina lake pa mndandanda wa mafolowa anu. Laiki mutha kuona. Komenti ilipo. Koma sheya? Akasheya pa sitori, sitori imafufutika pakatha maola 24, ndiye amene anasheya Lachiwiri pofika Loweruka palibe chooneka. Ngati akaunti yake ili pulayiveti ndipo inu simumufolowa, sitoriyo simungaione ngakhale tsiku lomwelo. Akatumizira mnzake mu inibokosi, nayonso ndi sheya, koma inu simudzadziwa kuti ndi ndani. Ndiye mwaika lamulo limene simungaliyeze, ndipo wopambana akati ndinasheya mumukanira ndi umboni uti? Njira yake ndi kusiya sheya ngati pempho chabe, mulembe kuti kusheya sikuli m'malamulo koma tiyamikira, anthu ambiri amasheyabe.

"Tagani anzanu" nayonso ili lotseguka kwambiri. Angati? Mu komenti imodzi kapena aliyense komenti yake? Munthu akalemba makomenti 40 walowa ka 40 kapena kamodzi? Izi muziyankhe mu kapishoni chifukwa mukapanda kutero aliyense adzipangira lamulo lomukomera.

Chiko: Ine ndimalola makomenti ambirimbiri, komenti iliyonse ndi mwayi wina. Positi imayenda kwambiri choncho ndipo palibe anadandaulapo

Anaphiri: Sanadandaule kwa inu a Chiko koma ife enafe tikaona munthu mmodzi wadzaza makomenti 60 timangodutsa, tikudziwa kuti mwayi wathu wachepa. Ndipo amene amatagidwa ka 10 pa tsiku amatopa nazo.

Chiko: Amayi, amene walimbikira kwambiri bwanji asakhale ndi mwayi wochuluka? Palibe wamuletsa wina aliyense kulemba 60

Bambo Wisiki: Apa sindiweruza, njira zonse ziwiri anthu amagwiritsa ntchito ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Chomwe ndikukakamira n'choti imene mwasankhayo ilembedwe, ndipo kasankhidwe kanu kagwirizane nayo. Ngati mwati munthu mmodzi mwayi umodzi, pokonza mndandanda muchotse mayina obwereza, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito pulogalamu yosankha komenti mwachisawawa muonetsetse kuti mwayatsa pochotsa obwerezawo. Kwa a Tadala amene akuyamba kumene ndinganene mwayi umodzi, chifukwa mndandanda wake mutha kuulemba pamanja n'kuuonetsa.

Lusu: Ine ndinamva kuti kutaga anzako n'koletsedwa, akhoza kukutsekera peji. Zoona?

Bambo Wisiki: Mwamva theka. Pa Facebook malamulo a mapeji amanena momveka kuti musauze anthu kusheya pa tayimulayini yawo kapena kutaga anzawo ngati njira yolowera mpikisano. Anthu ambiri amachitabe koma lamulolo lilipo. Pa Instagram chomwe malamulo awo a mipikisano amaletsa ndi kulimbikitsa anthu kutaga molakwika, monga kudzitaga pa chithunzi chomwe iwo palibepo, zomwe zikusiyana ndi kutchula mnzako mu komenti. Ndiye a Tadala ngati positi yomweyi idzapitenso ku Facebook, kapishoni yake isakhale yokopera. Chinanso chimene Instagram imafuna, ndipo ambiri sachilemba, ndi mawu onena kuti mpikisanowo sukuthandizidwa, kuvomerezedwa kapena kuyendetsedwa ndi Instagram ndipo sukukhudzana nayo, komanso kuti olowa sadzaiimba mlandu. Ndi mzere umodzi pansi penipeni.

Tadala: Eee zachuluka tsopano, kapishoni siitalika kwambiri? A Chiko ananena zoona kuti anthu sawerenga

Chiko: Ndi zomwe ndimanena zija. Ingolembani malamulo onse pa chithunzi, kapishoni ikhale yaifupi

Bambo Wisiki: Malo alipo okwanira, kapishoni ya Instagram imalola zilembo 2,200 ndipo yanu siifika ngakhale theka. Vuto lenileni n'loti munthu akamaseweretsa foni amangoona mizere yoyambirira, zilembo pafupifupi 125, kenako pamabwera more. Ambiri sadina. Ndiye mizere yoyambayo musaiwononge ndi "moni okondedwa athu tili ndi nkhani yabwino", muikemo mphatso ndi nthawi yotseka. Zinazo zibwere m'munsi, lamulo lililonse mzere wake, osati chiganizo chimodzi chokhala ndi malamulo anayi ngati mmene zilili panopa.

Za chithunzi, deti yotseka kuilembanso pa chithunzi ndi nzeru ndithu, chifukwa wosheya pa sitori amanyamula chithunzi osati kapishoni yonse. Koma malamulo onse pa chithunzi ayi. Zilembo zimachepa pa foni, ndipo chithunzi simungachisinthe mukapositi. Komanso mukalemba deti malo awiri muwerenge kawiri kuti ikufanana, ndaonapo chithunzi chikunena 14 kapishoni ikunena 15, anthu n'kusankha yomwe yawakomera.

Tadala: Ndayesa kulembanso, onani:

"GIVAWE: winani chikwama chakuda chili pa chithunzichi. Kulowa kukutsekedwa Lachisanu pa 14 Malichi 2025, 20:00 CAT.

Kuti mulowe chitani zonse zitatu:
1. Folowani peji ino
2. Laikani positi iyi
3. Lembani komenti imodzi pansi pa positi iyi n'kutaga mnzanu mmodzi

Munthu mmodzi mwayi umodzi, makomenti owonjezera sawerengedwa. Makomenti olowa nthawi itakwana sawerengedwa.
Olowa akhale a zaka 18 kupita mtsogolo, okhala m'dziko lino. Kutumiza tilipira ndife.
Wopambana mmodzi adzasankhidwa mwachisawawa ndipo tidzamulengeza Loweruka pa 15 Malichi, 12:00 masana, pa sitori komanso mu komenti pansi pano.
Wopambana ayankhe uthenga wathu pasanathe maola 48, apo ayi tisankha wina.
Kusheya sikuli m'malamulo koma tiyamikira.
Mpikisanowu sukuthandizidwa, kuvomerezedwa kapena kuyendetsedwa ndi Instagram ndipo sukukhudzana nayo. Polowa mukuvomereza kuti Instagram ilibe mlandu uliwonse pa mpikisanowu."

Anaphiri: Iyi ndiye ndingalowe mtima uli m'malo. Koma "m'dziko lino" mutchule dzina la dzikolo mwana wanga, wowerenga ali kwina naye ali m'dziko lino la kwawo. Ndipo kodi mphatsoyo munthu angasinthe mtundu kapena kupempha ndalama m'malo mwake? Amafunsa zimenezo.

Tadala: Dzina ndiikapo. Kusintha ayi, ndi chomwecho chili pa chithunzi, ndiwonjezera kamzere

Bambo Wisiki: Yasintha kwambiri. Mawu oti "chitani zonse zitatu" mwachita bwino, opanda amenewo ena amaganiza kuti akusankhapo chimodzi. Maola 48 aja munene poyambira, kuchokera pa nthawi yolengeza, ndiye kuti akutha Lolemba pa 17 Malichi 12:00 masana, ndipo bola mungolemba deti imeneyo anthu asamawerengetse okha. Chomwe chikusowa chachikulu ndi chenjezo la akathyali. Givawe ikangoyamba kuyenda pamatuluka maakaunti okopera dzina lanu ndi chithunzi chanu, amangowonjezera kadontho kapena nambala kumapeto, n'kuyamba kulembera aliyense amene wakomenta kuti mwawina dinani linki iyi kapena tumizani kangachepe ka kutumizira. Anthu amakhulupirira chifukwa analowadi mpikisano. Ndiye lembani kuti uthenga udzachokera pa akaunti ino yokha, sitidzakutumizirani linki, sitidzapempha ndalama kapena pasiwedi. Apa kulemba tsiku lolengeza kumathandizanso, wolandira uthenga Lachitatu adziwa yekha kuti ndi wabodza poti kulengeza n'Loweruka.

Yamikani: Izi zinamuchitikira mlongo wanga, anatumiza kodi yomwe inabwera pa foni yake akaunti n'kupita. Chenjezolo liikeni pamwamba ndithu

Tadala: Ndiliika pansi pa malamulo atatu aja ndipo ndilibwerezanso mu komenti yoti ndiipine. Funso lina, ikakwana 20:00 ija ndichite chiyani kwenikweni? Ndizimitse makomenti?

Bambo Wisiki: Musathamangire kuzimitsa. Pa Instagram mukadina Turn off commenting makomenti omwe analipo kale amabisika, ndiye olowa saona mayina awo ndipo amayamba kukayikira, inunso zikuvutani kulemba mndandanda. Chitani izi. Ikani alamu 19:55. Ikakwana 20:00 jambulani sikirini ya foni mukutsitsa makomenti onse kuyambira pamwamba mpaka pansi, koloko ya foni ikuoneka pakona, umenewo ndiye umboni wanu wa amene analipo. Nthawi yomweyo lembani komenti yoti TATSEKA 20:00 n'kuipina, kenako muwonjezere mawu oti YATSEKEDWA kumayambiriro kwa kapishoni kuti obwera mochedwa asavutike. Ngati ndi pa Facebook, musanatenge mayina sinthani kuchoka pa Most relevant kupita pa All comments, chifukwa pa yoyambayo makomenti ena saoneka ndipo mutha kusiya anthu osadziwa.

Lusu: Nanga ikafika Lachinayi olowa ndi 9 okha? Ine ndikanawonjezera sabata ina, kungosintha deti mu kapishoni

Anaphiri: Ayi a Lusu, anthu 9 amenewo analowa pa deti yomwe munalonjeza. Mukawonjezera masiku mwawachepetsera mwayi popanda kuwafunsa.

Lusu: Koma amayi chikwama ndi changa, ndikupereka mwaulere, palibe amene walipira kanthu. Kupereka kwa anthu 9 ndiye kuti givawe yalephera

Chiko: Apa ndili mbali ya a Lusu, bola ulengeze poyera kuti tawonjezera masiku, osangosintha mwakachetechete

Bambo Wisiki: Kusintha mwakachetechete kokha ndiye musayerekeze, Instagram imaika Edited pa kapishoni yosinthidwa, Facebook imaonetsa mpaka zomwe zinalembedwa poyamba, ndipo nthawi zonse pamakhala wina amene anatenga skirinishoti. Ine pandekha sindisuntha deti ikangotuluka, ngakhale olowa akhale 5 ndimapereka. Ngati mukuopa kuti anthu achepa, nthawi yoganizira ndi ino musanapositi, mupereke masiku 7 kapena 10 m'malo mwa 5, ndipo muzikumbutsa pa sitori ndi kasitika ka Countdown. Ena amalemba kuyambira pachiyambi kuti tisankha wopambana olowa akakwana 50, koma imeneyo imachotsa dedilayini yonse ndipo anthu sadziwa kuti adikira mpaka liti, ine siindisangalatsa.

Lusu: Sindinakhutire koma ndamva

Tadala: Ine ndisiya pa 14 pomwepo, kaya alowa angati. Ndawonjezera dzina la dziko, za kusasintha mphatso, deti ya Lolemba pa 17 ndi chenjezo lija. Chatsala chimodzi chikundizunguza, munthu akataga akaunti ya kampani kapena ya munthu wotchuka m'malo mwa mnzake weniweni, ndimuwerengere kapena ayi?

Chiko: Muwerengereni, wataga basi, munati mnzanu ndipo simungadziwe anzake onse

Anaphiri: Ine ndingalembe kuti "mnzanu amene amakufolowani", koma ndiye mwadzipatsanso ntchito yofufuza, ndipo pa akaunti ya pulayiveti simuona.

Bambo Wisiki: Mungolembapo kuti kutaga maakaunti a makampani, a anthu otchuka kapena akaunti yanu ina sikuwerengedwa. Ziwiri zoyambazo mutha kuziona ndi maso, yachitatuyo nthawi zina siidziwika, koma mumafufuza munthu mmodzi yekha amene wasankhidwa osati onse. Musanapositi Lolemba mupatse kapishoniyo munthu amene sali pagulu lino aiwerenge kamodzi, mumufunse kuti ikutseka liti ndipo achite chiyani kuti alowe. Akazengereza pa lililonse mwa mafunso awiriwo mubwere nayo tiionenso.

Tadala: Ndimupatsa mchemwali wanga madzulo ano, ndikuuzani zomwe ayankhe